Nkhani yeniyeni inali m'ndime yomaliza

Lolemba m'mawa, ndisanafike n'komwe ku ofesi kwathu ku Katoto mumzinda wa Mzuzu, mayi amene amayang'anira zamalonda ku kopaletivi ina ya alimi a njuchi anali atanditumizira kale chikalata cha masamba awiri, n'kundipempha kuti ndingokonza zilembo zolakwika chifukwa ankafuna chifike kwa atolankhani tsiku lomwelo. Zilembo zolakwika zinali zochepa, koma nditawerenga kawiri ndinawaimbira foni n'kuwauza kuti chikalatacho chikapita mmene chilili, palibe mkonzi amene adzachiwerenge mpaka kumapeto.

Ndime yoyamba inkanena kuti kopaletiviyo ndi yonyadira kulengeza kuti uchi wake ndi wokoma kuposa wina uliwonse m'chigawo chakumpoto. Ndime zotsatira zinkayamikira utsogoleri wamasomphenya, zinkati alimi zikwizikwi atukuka, ndipo ina inkanenetsa kuti uchiwo umachiza chifuwa ndi zilonda zam'mimba. Mawu oterewa ali ndi malo ake m'nyuzipepala, koma malowo amalipiridwa. Mtolankhani amene angawaike m'nkhani yake amakhala watsatsa malonda ulele, komanso waika dzina lake pa zinthu zimene sangathe kuzitsimikiza akafunsidwa ndi mkonzi wake.

Pansi penipeni pa tsamba lachiwiri, pafupi ndi mawu othokoza, panali chiganizo chimodzi chonena kuti kuyambira mwezi wamawa kopaletiviyo iyamba kugula uchi m'malo atatu a m'maboma a Nkhata Bay ndi Mzimba, ndipo alimi azilandira ndalama zawo tsiku lomwelo. Ndinafunsa mayiwo mmene zinkakhalira kale, ndipo anandifotokozera kuti mlimi ankanyamula zidebe zake kubwera nazo ku Mzuzu, kulipira yekha galimoto, kenako n'kudikira milungu ingapo kuti alipidwe. Nkhani inali imeneyo, chifukwa ndi yokhayo imene inali yatsopano ndiponso yosintha kanthu pa moyo wa munthu amene sagwira ntchito ku kopaletiviko. Kwa anthu a ku kopaletiviko chinali chinthu wamba chimene anakhala akuchikambirana miyezi yambiri, n'chifukwa chake anachiika kumapeto.

Lachiwiri lonse ndinalithera pa ntchito imene ndimaiona kuti ndiyo yaikulu pokonza chikalata chotere. Ndinadula mzere pansi pa mawu aliwonse otamanda, ndipo pa alionse ndinafunsa funso limodzi lokha: mukudziwa bwanji? Mawu otamanda ena amakhala atabisa mfundo yabwino imene mwini wake sanaganize kuti ndi yofunika, pamene ena sabisa chilichonse, ndipo funsoli ndi limene limasiyanitsa mitundu iwiriyi.

Pa mawu akuti uchi wapamwamba, yankho linandisangalatsa. Mayiwo anati chidebe chilichonse chikafika amachiyeza ndi kachipangizo koona kuchuluka kwa madzi, ndipo uchi umene madzi ake apitirira magawo 20 pa 100 alionse amaubweza, chifukwa umenewo ndi malire amene miyezo ya uchi imalola ndipo uchi wamadzi ambiri suchedwa kusasa m'botolo. Uchi wotere kawirikawiri umachokera ku zisa zimene zafulidwa njuchi zisanazimate. Mawu akuti wapamwamba ndinawachotsa n'kuikapo zimenezi, pakuti mtolankhani angathe kupita kukaona kuyezako ndi maso ake, ndipo mlimi amene wamva pa wailesi adziwiratu uchi umene sayenera kuvutika kuunyamula.

Alimi zikwizikwi aja tinakawafufuza m'kaundula wa mamembala, ndipo tinapeza 312 amene analipira umembala wa chaka chino. Mayiwo anadandaula kuti nambalayo ikuoneka yochepa. Ndinawayankha kuti nambala yochepa imene ili m'buku ndi yamphamvu kuposa yaikulu yopanda poigwira, chifukwa tsiku limene mtolankhani adzapemphe kuona kaundulayo n'kupeza zosiyana, sadzakhulupiriranso chikalata china chochokera kwa iwo. Za kuchiza matenda ndinazichotsa zonse popanda kukambirana, popeza panalibe umboni uliwonse, ndipo munthu wodwala angathe kuchedwa kupita kuchipatala chifukwa cha chiganizo chotere.

Povuta panali pa mawu akuti uchiwo ndi wovomerezeka ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Nditapempha kuona chiphaso, zinadziwika kuti anali atangopereka pempho ndipo chiphasocho chinali chisanatuluke. Wapampando wa kopaletiviyo, bambo achikulire aulemu wawo, anabwera okha Lachitatu kudzandipempha kuti mawuwo akhale, ponena kuti chiphasocho chituluka ndithu. Ndinawauza kuti, "Bambo, mtolankhani wosamala ntchito yake adzaimba foni ku bungweko asanalembe, ndipo akauzidwa kuti chiphaso kulibe, mutu wa nkhani udzakhala umenewo, osati za malo ogulira uchi." Tinagwirizana kulemba zoona zake, zoti pempho linaperekedwa ndipo akudikira yankho, n'kuziika m'ndime yachinayi.

Popeza anali atabwera, ndinapezerapo mwayi wokonza mawu awo. M'chikalata choyamba anawalembera kuti ndi okondwa kwambiri ndi gawo latsopano la chitukuko, mawu amene munthu salankhula ndi pakamwa pake ndiponso amene angaikidwe m'kamwa mwa wapampando wa bungwe lililonse. Ndinangowafunsa chimene chinawachititsa kusintha kagulidwe ka uchi, ndipo anafotokoza kuti mamembala ambiri ankagulitsa uchi wawo motchipa kwa mavenda apamsewu chifukwa sakanatha kudikira ndalama pamene ana akufunika fizi. Ndinalemba mmene analankhulira, ndinawawerengera, ndipo anavomera kuti ndi mawu awo. Mawu a munthu m'chikalata ntchito yake ndi kupereka chifukwa kapena maganizo, pamene manambala ndi masiku zimakhala bwino m'ziganizo wamba.

Lachinayi ndinalemba chikalatacho mwatsopano, ndipo chinakwana tsamba limodzi. Chiganizo choyamba chinanena amene akuchita, chimene akuchita, malo ndi tsiku loyambira, m'mawu osapitirira 35. Ndime yachiwiri inafotokoza mmene zinalili kale pamodzi ndi mtengo wa kilogalamu, yachitatu inali ya mawu a wapampando, ndipo mbiri ya kopaletiviyo inatsikira pansi m'mizere itatu. Dongosololi limatsata mmene mkonzi amagwirira ntchito malo akamuchepera, chifukwa amadula kuchokera pansi, choncho chimene chili kumapeto chiyenera kukhala chimene nkhani ingaime popanda icho. Kumunsi ndinaika dzina ndi nambala ya munthu amene adzayankhadi foni, ndipo pachithunzi ndinalemba mayina a anthu onse kuyambira kumanzere. Chithunzi cha akuluakulu ataima pamzere ndinachisinthanitsa ndi cha mlimi akuyezetsa chidebe chake.

Nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times zinalandira chikalata cha Chingerezi, koma alimi enieniwo amamva nkhani pa wailesi, motero tinakonzanso chachifupi m'Chichewa, ndipo mnzanga wa mu ofesi anachiika m'Chitumbuka. Ndinachiwerenga mokweza kawiri, ndipo paliponse pamene mpweya unandithera ndinadula chiganizocho pawiri. Mayina a malo atatu aja ndinawabwereza kumapeto, chifukwa womvera sangabwerere m'mbuyo ngati wowerenga.

Tinatumiza Lachisanu cham'ma 8 koloko m'mawa, mawu onse ali m'kati mwa imelo momwemo kuti wowerenga pa foni asavutike kutsegula china. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro, mtolankhani wina wa wailesi anaimba kufunsa ngati mlimi amene si membala angagulitsenso uchi wake m'malo amenewo. Funso limenelo ndinayenera kulifunsa ine Lachiwiri, ndipo sindinaliganizire. Mayi aja anafunsa wapampando, yankho linali lakuti angathe koma pa mtengo wotsikirapo, ndipo tinawonjezera chiganizo chimenecho m'ndime yachiwiri n'kutumizanso kwa onse amene analandira choyamba.