Shopu yathu ya maampulifaya ndi malire a thiranzisita imodzi

Shopu yathu ili ku Luwinga, muno mu Mzuzu, ndipo tinayamba ndi kukonza maampulifaya, mamikisa ndi mawailesi owonongeka. Kenaka makwaya ndi matchalitchi a kumidzi yopanda magetsi anayamba kufunsa tizipangizo tokweza mawu a maikolofoni, toyendera batire ya sola ya mavoti 12, ndiye tinayamba kupanga tokha. Pa malonda otere thiranzisita iliyonse yowonjezera ndi ndalama, malo pa bolodi komanso moto wa batire. N'chifukwa chake funso lomwe lakhala likuwongolera kapangidwe kathu ndi limodzi: kodi thiranzisita imodzi ingakweze mawu kufika pati?

Maikolofoni wamba amatulutsa mamilivoti ochepa chabe, pamene ampulifaya yaikulu imafuna pafupifupi voti imodzi. Geini yofunika, kutanthauza kuti mawu akwezedwe kangati, ndi ya mazanamazana, nthawi zina chikwi.

Timagwiritsa ntchito thiranzisita ya BC547, ya miyendo itatu yotchedwa bezi, emita ndi kolekita. Emita ili ku negetivi ya batire, karenti ya kolekita ili 1 mA ndipo rezisita ya kolekita ili 5.6 kΩ. Mphamvu yomwe thiranzisita imasandutsira voteji ya pa bezi kukhala karenti, yomwe timalemba gm, imapezeka pogawa karenti ndi 26 mV, ndiye pano ndi 38.5 mA pa voti iliyonse. Kuchulukitsa ndi 5.6 kΩ kumapereka geini ya 215. Anyamata ophunzira ntchito amathamangira kuika rezisita ya 47 kΩ poganiza kuti geini ikwera, koma batire ya mavoti 12 singakankhe 1 mA mu rezisita yotere. Muyenera kuchepetsa karenti, gm imatsika nayo, ndipo mumabwerera pomwe munali. Kwenikweni geini ndi voteji yogwera pa rezisitayo kugawa ndi 26 mV, choncho pa batire imeneyi simungapitirire kwambiri 400, ndipo pofika pamenepo mawu alibenso malo osewerera.

Njira yozembera ndi kuchotsa rezisita n'kuikapo thiranzisita ina, BC557, yopereka karenti yosasintha ya 1 mA. Pa pepala, chopereka karenti chotere chimaoneka ngati rezisita yopanda malire koma chosadya mavoti ambiri, ndiye geini inayenera kukhala yopanda malire. Apa ndi pamene khalidwe la Early limatulukira.

James Early, wa ku Bell Labs ku America, analifotokoza mu 1952. Bezi ya thiranzisita ndi kachigawo kopyapyala kwambiri pakati pa emita ndi kolekita. Pa malire a bezi ndi kolekita pali kamzere kopanda zonyamula karenti, ndipo voteji ya kolekita ikakwera, kamzereka kamakula n'kudya mbali ya bezi, monga mmene mnansi amalowera pang'onopang'ono m'munda wa mnzake. Bezi ikachepa, maelekitironi amawoloka msanga ndipo ochepa okha ndi omwe amatayika panjira, motero karenti ya kolekita imakwerako ngakhale pa bezi simunakhudzepo. Karenti yosintha ndi voteji ndi khalidwe la rezisita, choncho m'kati mwa thiranzisita iliyonse muli ngati rezisita yobisika pakati pa kolekita ndi emita. Timailemba ro. Mukajambula karenti ndi voteji ya kolekita, mizere yake imakhala yopendekera m'mwamba, ndipo mukaitalikitsa kubwerera kumanzere imakakumana pafupifupi pamalo amodzi kuseri kwa ziro. Mtunda umenewo ndi voteji ya Early, VA.

```
ro ≈ VA / IC
gm = IC / 26 mV
gm × ro = VA / 26 mV
```

Mzere wachitatuwo ndiwo wofunika. Karenti yasowamo. Mukaikweza kawiri, gm imakwera kawiri koma ro imatsika ndi theka, ndipo denga la geini silisuntha. Thiranzisita ya VA ya mavoti 100 singakweze kupitirira pafupifupi 3,850 pa siteji imodzi, kaya muidyetse 0.1 mA kaya 5 mA.

Mapepala a opanga mathiranzisita nthawi zambiri salemba VA, ndiye timayeza tokha paketi yatsopano ikafika. Bezi timaipatsa karenti kuchokera ku batire ina ya mavoti 9 kudzera mu rezisita ya 2.2 MΩ, zomwe zimapereka pafupifupi 3.8 µA, ndipo mita yoyeza karenti timaiika pa kolekita. Tinene kuti pa mavoti 2 mita yawerenga 1.00 mA ndipo pa mavoti 12 yawerenga 1.10 mA. Mavoti 10 kugawa ndi 0.10 mA ndi 100 kΩ, imeneyo ndi ro, ndipo VA ili pafupi ndi mavoti 100. Chosokoneza pano ndi kutentha. Thiranzisita ikafunda, karenti imakwera yokha ndipo ro imaoneka yaing'ono kuposa mmene ilili. Mudziwa kuti ndi kutentha mukaona manambala akukwawa pang'onopang'ono mutasiya kusintha voteji. Yezani pa karenti yochepa, werengani msanga, ndipo musaigwire ndi zala. Musayambirenso pansi pa voti imodzi, chifukwa kumeneko mzere umapindika pa zifukwa zina.

Tsopano tibwerere ku siteji yathu. Ndi rezisita ya 5.6 kΩ, ro ya 100 kΩ yoima pambali pake imangotsitsa katundu, yemwe ndi rezisitansi yonse ya pa kolekita, kufika 5.3 kΩ ndipo geini imachoka pa 215 kufika 204. N'zosadetsa nkhawa, n'chifukwa chake amisiri ambiri amakalamba pa ntchito osakumana ndi Early. Koma pa siteji ya BC557 palibenso rezisita yaing'ono yomubisa. BC557 ili ndi ro yakeyake, ndipo ngati VA yake ndi mavoti 50, ro imeneyo ndi 50 kΩ. Ziwirizi zikaphatikizana zimapereka 33 kΩ, ndiye geini ndi 1,280 basi, gawo limodzi mwa magawo atatu a denga lija. Rezisita ya 680 Ω pa emita ya BC557 imakweza rezisitansi yake kupitirira 1 MΩ, ndipo geini imafika cha m'ma 3,500, koma pamenepo ro ya BC547 ndi yomwe yatsala ndipo palibe rezisita ya pa kolekita yomwe ingaichotse.

Zonsezi zimagwa mukalumikiza chotsatira. Poti ya voliyumu ya 10 kΩ ikaikidwa pa 33 kΩ ija, katundu amatsika kufika 7.7 kΩ ndipo geini imakhala 296. Pamafunika thiranzisita inanso yotulutsira mawu ku emita, kuti potiyo isakoke pa kolekita.

Vuto lomwe timaliopa kwambiri ndi la kukhazikika. Voteji ya pakati pa bezi ndi emita imatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse ya kutentha, ndipo pa geini ya 1,280 kusuntha kumeneku ndi mavoti awiri ndi theka pa kolekita. Chipangizo chochunidwa masana chingathe kutseka mawu m'mawa wozizira wa Juni wa kuno ku Mzuzu. Chizindikiro chake n'chakuti kolekita, m'malo mokhala cha pa mavoti 6, imapezeka itakakamira pafupi ndi 12 kapena pafupi ndi ziro, ndipo mawu amatuluka ophwanyika mbali imodzi.

Kasikodi, yomwe ndi thiranzisita yachiwiri yokhala pamwamba pa yoyamba kuti voteji ya kolekita ya yapansiyo isasunthe, imaswadi denga la Early, koma imadya mavoti omwe batire yofooka ya madzulo ilibe. Pa zomwe timagulitsa tinasankha masiteji awiri a rezisita wamba. Ngakhale yachiwiri ikulemetsa yoyamba, geini ya onse pamodzi imafika masauzande angapo, ndipo timabweza gawo la mawu otuluka ku emita ya yoyamba kudzera mu 47 kΩ pamwamba pa 100 Ω, zomwe zimaimika geini pang'ono pansi pa 470. Geini yotsalayo imagwira ntchito yochotsa kuphwanyika kwa mawu, ndipo paketi ya mathiranzisita a VA yosiyana ikabwera sitisinthanso kalikonse pa bolodi.