Tsiku limene ndinakazinga mchenga

Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo vuto lonse linayambira pamenepo. Titayamba kuthira konkire wa pakhonde la nyumba yathu mu Januwale, ndinauza amisiri kuti njerwa ndi levulo ndi zawo, koma madzi ndiyeza ndine. Amisiriwo ndi bambo achikulire, a imvi zawo, amene anayamba kugwira chipande ine ndisanayambe sukulu. Anangoti, "Chabwino aphunzitsi," n'kupitiriza kukhoma matabwa.

Masamu ake ndi osavuta. Mphamvu ya konkire imadalira kwambiri kulemera kwa madzi poyerekeza ndi kulemera kwa simenti. Ndinasankha 0.5, kutanthauza kuti kilogalamu iliyonse ya simenti ipite ndi theka la kilogalamu ya madzi. Thumba limalemera makilogalamu 50, theka lake ndi 25, ndipo poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, thumba lililonse limafuna malita 25. Ndinatenga chigubu cha malita 20 ndi kachigubu ka malita 5 kamene munali mafuta ophikira, n'kuima nazo pambali ngati wapolisi wa pamsewu. Pa thumba limodzi tinkathira wilibala imodzi yodzadza bwino ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale.

Tsiku loyamba zinayenda bwino mochititsa nsanje. Mvula inali itadula kwa sabata yoposa imodzi, mchenga unali wouma, woyoyoka pakati pa zala ngati shuga. Konkire anatuluka wolimbirapo, woti ukamuunjika ndi fosholo amaima, ndipo anyamata aganyu ankachita kumusinja ndi thabwa uku akudandaula kuti misana yatha. Madzulo ndinauza mayi a kunyumba kuti aone ubwino wokwatiwa ndi munthu wopita kusukulu.

Usiku umenewo kunagwa chimvula chosalekeza mpaka tambala woyamba. Simenti inali m'nyumba, koma mulu wa mchenga ndi miyala zinagona panja.

M'mawa amisiri anafumbata mchenga, n'kuufinya, n'kundionetsa chikhatho chikunyezimira.

"Aphunzitsi, lero madzi tichepetse. Mchengawu wamwa kale."

"Bambo," ndinayankha ndi mawu anga a m'kalasi, "thumba likadali makilogalamu 50. Kodi mvula yasintha theka la 50?"

Sanatsutse. Anangouza anyamata kuti, "Thirani mmene anenera abwana."

Chigubu chitatha, ndinaona kuti zinthu zafewa kale, koma kachigubu kanali m'manja ndipo anthu ankandiyang'ana. Ndinakhuthula. Zimene zinatuluka zinali phala la mwana wodwala. Ukatapa ndi fosholo, miyala yokha ndiyo inkatsalapo, msuzi wa simenti ukuchucha. Wina unayamba ulendo wolowera ku dimba la mayi. Anyamata anasangalala kwambiri, poti konkire wotereyu amadziyala yekha, ndipo mmodzi anati, "Masamu a lero ndiye abwino, bwana." Ndinachita izi pa matumba anayi, chifukwa kusiya pa thumba loyamba kukanakhala kuvomera. Patapita kanthawi, pamwamba pa konkire panadikha madzi, m'mipata ya matabwa mukutuluka mizere yotuwa, ndipo bakha wa aneba anabwera kudzayendera malowo ndi chidwi chachikulu.

Pa nkhomaliro amisiri anandifunsa mofatsa ngati m'nyumba muli chiwaya.

"Inu mumakhulupirira sikelo, eti? Tiyeni tiufunse mchengawo."

Tinabwereka sikelo kwa mayi wina wogulitsa nyemba pafupi nafe. Tinatapa mchenga m'kati mwa mulu, osati pamwamba pamene dzuwa linali litayamba kuumitsa, n'kuyeza kilogalamu imodzi ndendende. Kenako ine, bambo wa ana atatu, ndinakhala pa mbaula n'kumakazinga mchenga m'chiwaya cha mtedza, ndikutakasa ndi mthiko. Nthunzi inkafuka ngati ndikuphika mbatata. Mayi a kunyumba anatulukira, anayang'ana m'chiwaya, anayang'ana ine, n'kufunsa amisiri ngati ndayamba kalekale kapena ndi lero lomwe.

Nthunzi itatha ndi mchenga utazizira, sikelo inaonetsa magalamu 930. Magalamu 70 anali madzi, ndiye kuti pa makilogalamu 100 aliwonse a mchenga wonyowawo, 7 anali madzi. Tinayeza mchenga wa wilibala imodzi ndowa ndi ndowa, unakwana makilogalamu pafupifupi 110. Apa mphunzitsi wa masamu anadzuka mwa ine mochedwa: 110 kuchulukitsa ndi 0.07 ndi 7.7, titi malita 8. Kagawo kochepa ka madzi amenewa kamakhala kobisala m'kati mwa timiyala ta mchenga ndipo sikafika ku simenti, koma ochulukawo amakhala kunja, okonzeka kulowa m'ntchito. Miyala nayo inali yonyowa. Iyo sisunga madzi ambiri ngati mchenga, koma pa makilogalamu ngati 200 tinaiwerengera malita 2.

Choncho thumba lililonse linali litalandira kale malita pafupifupi 10 ine ndisanatsegule chigubu. Ndi 25 anga aja zinakwana 35. Ukagawa 35 ndi 50 umapeza 0.7. Ine amene ndinkalondera 0.5 ndi moyo wanga wonse ndinali nditathira konkire wa 0.7, pamene ndinkayenera kuthira malita 15 okha.

Amisiri anafotokoza zotsalazo akutsuka m'manja. Simenti imagwiritsa ntchito madzi ochepa kuti iume n'kulimba, osafika ngakhale theka la kulemera kwake. Ena timawonjezera kuti konkire atheke kusakaniza ndi kuyala. Opitirira pamenepo alibe ntchito: amakwera pamwamba atanyamula simenti yosalala, ena amatsalira m'kati, ndipo akadzauma amasiya timabowo tosaoneka ndi maso. Kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.7, konkire amatha kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, mwinanso kuposa. Anawonjezera kuti mchenga wachinyezi chabe, umene ukaufinya umaumbika osanyowetsa dzanja, uli ndi chinyengo chinanso: umafufuma, moti wilibala imaoneka yodzadza pamene mchenga weniweni ndi wochepa. Imeneyo ndinapempha kuti tiphunzire tsiku lina, mutu unali utadzadza.

Masana tinamaliza chigawo chotsala ndi malita 15 pa thumba. Amisiri ankayamba ndi 12, n'kumawonjezera otsalawo pang'onopang'ono akuyang'ana mmene konkire akugwirira pa fosholo, chifukwa pansi pa mulu pamakhala ponyowa kuposa pamwamba. Kachigubu kanga anandilanda mwaulemu n'kupatsa mnyamata waganyu.

Patatha mwezi, khonde linauma m'magawo atatu. Kumanzere ndi kumanja, ukakanda ndi msomali umangosiya kamzere koyera. Pakati, pamene pali matumba anga anayi, msomali umalima ngati khasu, pali timing'alu tangati ukonde wa kangaude, ndipo mapazi a bakha uja akuonekabe. Mwatsoka, pakatipo ndi pakhomo penipeni. M'mawa uliwonse mayi akasesa amadzadzitsa kafosholo ka fumbi lotuwa, ndipo sataya asanandionetse.

Sabata yatha kunabwera apongozi. Akuti aike mpando pakhomo paja, ndinamva mayi akuti, "Amayi, sunthirani uko kolimbako. Apa ndi pa masamu."