Ziro 310,000 zomwe zinandiimitsira pulogalamu masiku atatu

Usiku wathawu pulogalamu yanga yopeza midiyani yayendano bwino. Kuyambira Lachiwiri inali itangoti zii, yosapereka yankho komanso yosanena kuti yalakwa pati. Ndilembe zomwe zinachitika ndisanaiwale.

Ena mwa inu mukukumbukira kamakina komwe ndinalumikiza ku sola ya kunyumba chaka chatha: Raspberry Pi ndi kachipangizo koyezera ka INA219. Kamalemba mawati omwe panelo ikupereka sekondi iliyonse, ndiye pa tsiku pamakhala manambala 86,400, pa sabata 604,800. Kachipangizoko ndinagula kwa bambo wina amene amakonza mawailesi pamsika, ndipo ndimabwererabe kwa iwo chifukwa amalola kuti uyese chinthu pomwepo usanalipire. Ndinkafuna kuti Lamlungu lililonse pulogalamu izindiuza midiyani ya sabata, komanso nambala yomwe ili pa 90 peresenti. Kusanja mndandanda wonse kukanatheka, koma ndinkafuna kulemba ndekha `quickselect`, njira ija ya Tony Hoare yomwe anaisindikiza mu 1961 pansi pa dzina lakuti FIND. Umasankha pivoti, n'kugawa manambala kukhala ochepa ndi aakulu, kenako umangotsata mbali imene muli malo a k, omwe ndi malo a nambala yomwe ukufuna, inayo n'kuitaya.

Ndinagawa mwa njira ya Lomuto chifukwa ndi yomwe ndimaikumbukira pamtima, ndipo pivoti ndinkaisankha mwamaere ndi `random.randint`. Poyesa ndi manambala osiyanasiyana osakanizidwa, zonse zinali bwino. Ndinaikamo chowerengera kuti ndione kuti ikuyerekeza kangati, ndipo pa maulendo 200 avereji inali pafupifupi 3.4n, pomwe n ndi kuchuluka kwa manambala, monga momwe masamu amanenera. Pa manambala enieni a sola, ya 90 peresenti inatuluka m'masekondi ochepa. Midiyani ndiyo inakana.

Chizindikiro choyamba ndinachiona koma sindinachimve. Pulogalamu yoyambirira inkadziitana yokha, ndipo Python inandipatsa `RecursionError`. Malire ake amakhala 1000. Pa manambala 604,800, kuzama koyenera ndi maulendo makumi awiri ndi angapo, choncho kufika pa 1000 kunali kundiuza kuti kugawa sikukugawa kanthu. Ine ndinangoti vuto ndi malire a Python, n'kusintha kuti izizungulira ndi `while`. Uthenga unasiya kubwera, matenda anatsala. Tsiku lachiwiri ndinalithera pa zinthu zosalakwa: ndinakayikira khadi yosungira mafayilo, ndinakayikira kutentha kwa kamakinako, ndinasamutsira fayilo pa laputopu, koma nakonso inaima chimodzimodzi. Tsiku lachitatu m'pamene ndinachita chimene ndikanayenera kuyamba nacho, kusindikiza `hi - lo + 1` pa ulendo uliwonse. Poyamba manambala ankatsika bwino, kuchoka pa 604,800 mpaka cha m'ma 310,000. Atafika pamenepo anayamba kutsika ndi imodzi imodzi.

Usiku panelo sipereka kanthu. Mu sabata imeneyo ziro zinalipo pafupifupi 310,000, kupitirira pang'ono theka la mndandanda, ndiye midiyani, yomwe ili pa malo a 302,400, inagwera m'kati mwa zirozo. Mapivoti aakulu atachotsa manambala onse a masana, m'mndandanda munatsala ziro zokhazokha. Tsono taonani zomwe Lomuto amachita. Funso lake ndi `a[j] < p`. Ngati pivoti ndi 0, palibe nambala yochepera 0, choncho kumanzere sikupita chilichonse, pivoti imakhala pa malo oyamba, ndipo zonse zotsala zimapita kumanja. Wayerekeza manambala 310,000 kuti uchotse imodzi yokha. Maere sathandiza pano, chifukwa kulikonse komwe ungapise dzanja utulutsa ziro.

Nditawerengera pa pepala, ndinapeza kuti pankafunika maulendo pafupifupi 302,400, loyamba loyerekeza ka 310,000 ndipo lomaliza ka 7,600. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 48 biliyoni, pamene ine ndinkayembekezera 2 miliyoni. Pulogalamu sinafe, inkagwira ntchito, kungoti ndinkaizimitsa isanafike ngakhale pakati. Ya 90 peresenti inkapulumuka chifukwa yankho lake lili kunja kwa ziro: ikangopeza pivoti imodzi ya masana yochepera yankholo, ziro zonse zimatayidwa nthawi imodzi.

Pali msampha wina umene ndinatsala pang'ono kugweramo. Nditasintha `<` kukhala `<=`, pulogalamu inamaliza, ngakhale inachedwa ndithu. Zinaoneka ngati ndakonza, koma ayi. Tsopano ziro zinkapita kumanzere ndipo imodzi imodzi inkachoka kumapeto. Popeza malo a 302,400 ali pafupi ndi mapeto a ziro, maulendo anali 7,600 okha, koma lililonse loyerekeza kuposa ka 300,000, zomwe zikukwanabe 2.3 biliyoni. Sabata ya mitambo, ziro zitachuluka, vuto likanabwereranso lonse.

Mankhwala enieni ndi kugawa patatu: ochepa, ofanana ndi pivoti, ndi aakulu. Ndi njira ija ya mbendera ya dziko la Netherlands yomwe Dijkstra anafotokoza.

```python
import random

def sankha(a, k):
    lo, hi = 0, len(a) - 1
    while True:
        p = a[random.randint(lo, hi)]
        lt, i, gt = lo, lo, hi
        while i <= gt:
            if a[i] < p:
                a[lt], a[i] = a[i], a[lt]; lt += 1; i += 1
            elif a[i] > p:
                a[i], a[gt] = a[gt], a[i]; gt -= 1
            else:
                i += 1
        if k < lt: hi = lt - 1
        elif k > gt: lo = gt + 1
        else: return p
```

Apa `k` akuyambira pa 0. Mzere womaliza ndiwo mwini nkhani: ngati `k` wagwera pakati pa `lt` ndi `gt`, yankho ndi pivoti yomweyo, ntchito yatha. Pa manambala anga, pivoti ikangokhala ziro basi tamaliza, ndipo mwayi wake ndi woposa theka pa ulendo uliwonse. Avereji yatsika kufika pafupifupi 1.5n. Manambala obwerezedwa omwe ankaipha pulogalamu ndi omwe tsopano akuifulumizitsa. Chenjezo limodzi kwa amene mukuwerengera: m'kodi iyi nambala imodzi imatha kufunsidwa mafunso awiri, `<` kenako `>`, ndiye ine ndimawerenga nambala iliyonse kamodzi pa ulendo kuti zigwirizane ndi masamu a m'mabuku.

Chomwe chandikhalira m'mutu n'chakuti ndinkadziwa lonjezo lakuti nthawi yoyembekezeka ndi O(n), koma sindinkadziwa kuti lonjezolo latsamira pa chiyani. Ndinabwerera ku umboni wake. Pivoti ya maere ili ndi mwayi wofanana wogwera pa malo alionse mumndandanda wosanjidwa. Tiyerekeze kuti tsoka latigwera ndipo nthawi zonse tikutsata mbali yaikulu. Mbali yaikuluyo imakhala pakati pa theka ndi mndandanda wonse, ndipo avereji yake ndi magawo atatu mwa anayi. Ndiye ulendo woyamba umadya n, wachiwiri 3n/4, wachitatu 9n/16, ndipo kuphatikiza zonse mpaka kalekale sizipitirira 4n. Chiganizo choyamba chija, chakuti pivoti ingagwere pa malo alionse, chimagwira pokhapokha manambala ali osiyana, kapena ngati kugawa kukusamalira ofanana. Kwa ine pivoti inkagwera pa malo oyamba nthawi zonse, ndiye umboni wonse unagwa.

Nambala ya 4n ndi denga chabe. Yeniyeni imadalira k, ndipo Knuth anaiwerengera ndendende mu 1971. Pa n wamkulu imayandikira izi:

```
2n + 2k·ln(n/k) + 2(n−k)·ln(n/(n−k))
```

Mukaika k = n/2 mupeza 2n(1 + ln 2), pafupifupi 3.39n. Pa 90 peresenti ndi pafupifupi 2.65n, ndipo pa nambala yochepetsetsa kapena yaikulu koposa ndi 2n. Chifukwa chake ndachikonda kwambiri. Manambala awiri amayerekezedwa pokhapokha imodzi mwa iwo yakhala pivoti onse akadali m'bwalo. Tengani chigawo chaching'ono kwambiri cha mndandanda wosanjidwa chomwe chili ndi awiriwo pamodzi ndi malo a k. Pivoti yoyamba kugwera m'chigawocho ndiyo imagamula: ikakhala imodzi mwa awiriwo, amayerekezedwa, ikakhala ina, amalekanitsidwa kapena amatayidwa onse. Mwayi wake ndi 2 kugawa ndi kutalika kwa chigawocho. Ngati k ali kumapeto, zigawo zambiri zimakhala zazitali ndipo mwayi umachepa. Ngati ali pakati, zimakhala zazifupi, n'chifukwa chake midiyani ndiyo yodula koposa.

Musaiwale kuti zimenezi ndi avereji. Pa maulendo 200 aja, ena anatsika pansi pa 2.5n, ena anadutsa 5n. Kuyesa kamodzi sikukuuzani kanthu.

Ndivomere zinthu ziwiri. Choyamba, midiyani ya sabata yomwe ndi ziro siindiuza chilichonse za panelo, ndiye tsopano ndimachotsa maola a usiku ndisanawerengere. Komabe kodi inayenera kukonzedwa, chifukwa mavoti a batire nawonso amakhala pa nambala imodzi kwa maola ambiri, ndipo ndikanakumana nazo kumeneko. Chachiwiri, `sorted()` ikuiposabe pulogalamu yanga pa liwiro, ngakhale kuti kusanja manambala osakanizidwa ochuluka chonchi kumafuna kuyerekeza pafupifupi ka 11 miliyoni. Iyo inalembedwa mu C, yanga ikuyenda mzere ndi mzere mu Python. Amene akungofuna yankho agwiritse `numpy.partition`, kapena `std::nth_element` ngati ali pa C++.

Ine sindinathane nayo. Ndikufuna kuyesa kusankha pivoti mwa kutenga yapakati pa manambala atatu, zomwe zimatsitsa kuyerekeza kopezera midiyani kufika pa 2.75n. Ndimalakalakanso njira ya Floyd ndi Rivest ya 1975, yomwe imatenga kagulu kakang'ono, n'kupezamo mapivoti awiri otsekereza yankho mbali zonse, ndipo imayandikira 1.5n ngakhale manambala onse ali osiyana. Ija ya magulu a manambala asanu asanu ya 1973, yomwe imalonjeza O(n) ngakhale zinthu zitaipa chotani, ndidzailembanso kuti ikhale pothawira pulogalamu ikazungulira maulendo ochuluka mosayenera. Zonsezi ndikufuna kuzilemba mu C, kenako ndiziponyere manambala a chaka chonse, oposa 31 miliyoni, pa kamakina komweko. Nyengo ya mvula isanafike ndikhale nditayambako.