Maloto othamangitsidwa aja abweranso

Usiku wathawu ndalotanso galu akundithamangitsa kuseri kwa nkhokwe, miyendo kulemera ngati ndikuyenda m'matope, ndimati ndikuwe koma mawu osatuluka. Agogo akuti ndi afiti, ine ayi sindikuvomera.

Munthu ukamalota ubongo umatseka dala minofu ya manja ndi miyendo kuti usadzuke n'kuyamba kuthamangadi m'nyumba, zimatsala zikugwira ntchito ndi maso komanso kupuma basi. Ndiye kumalotoko ukalamula mwendo kuti thawa, thupi siliyankha, mwina malotowo amangosandutsa zimenezo kukhala kulemera. Zimakonda cha m'bandakucha poti tulo ta maloto timatalika nthawi imeneyo, ndipo ukakhala ndi nkhawa, kaya ya ngongole kaya mayeso, zimangobwerabwera. Inetu lendi ya mwezi uno sindinalipire, galuyo ndikumudziwa bwino.