Wantchito akalakwa, mlandu umafika liti kwa mwini bizinesi?

Bizinesi yathu ndi yotumiza katundu kwa makasitomala, ndipo inayamba ndi galimoto imodzi yomwe ndinkayendetsa ndekha. Maoda atachuluka tinalemba madalaivala, ndipo mumgwirizano wa ntchito tinaikamo lamulo lakuti munthu amene si wantchito wathu asakwere galimoto ya kampani. Aliyense anasaina.

Tsiku lina dalaivala wathu, poona kuti katundu wachuluka, anatenga mnyamata wina kuti azimuthandiza kutsitsa, n'kumulonjeza kangachepe kochokera m'thumba mwake. Pokhota mothamanga, mnyamatayo anagwa kumbuyo kwa galimoto n'kuthyoka mkono. Kalata yofuna chipukuta misozi inabwera m'dzina la kampani, ndipo loya wathu atawerenga mgwirizano uja anatiuza mosabisa kuti sungatiteteze.

Lamulo limafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi wolakwayo ndi wantchito wanu, kapena ndi munthu wodziimira payekha amene munangomupatsa kontirakiti. Lachiwiri, lomwe ndi lovuta, ndi lakuti kodi analakwa akugwira ntchito imene munamulembera. Yankho likakhala inde pa onse awiri, mwini bizinesi amalipira ngakhale iye sanalakwe chilichonse, chifukwa amene amapindula ndi ntchito ayeneranso kusenza ngozi zimene ntchitoyo imabweretsa kwa anthu ena. Dalaivala nayenso amakhalabe ndi mlandu wake, kungoti wovulala amalondola kumene kuli ndalama ndi inshulansi.

Loyayo anatifotokozera milandu iwiri ya ku Mangalande imene makhoti a m'mayiko ambiri otsata malamulo ofanana amaitchula. Pa mlandu wa Rose ndi Plenty, mu 1976, wogawa mkaka analetsedwa kutenga ana pagalimoto, koma anatenga mnyamata wa zaka 13 kuti azimuthandiza kugawa mabotolo, ndipo mwanayo anavulala chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa. Khoti la apilo linagamula kuti kampani ilipire, popeza mwanayo ankathandiza ntchito ya kampaniyo. Pa mlandu wa Twine, mu 1946, dalaivala anakweza munthu amene kampani inaletsa kumukweza, munthuyo anafa pangozi, koma kampani sinalipire, chifukwa kumukwezako sikunathandize ntchito yake m'njira iliyonse. Choncho chiletso chimene chimangonena mmene ntchito igwiridwire sichimasula bwana. Wantchito akachiphwanya amakhala akugwirabe ntchito yanu, koma molakwika. Chimene chimamasula bwana ndi pamene wantchito wachita chinthu chimene sichili mbali ya ntchitoyo n'komwe.

Nkhani yathu inafanana ndi ya wogawa mkaka. Katundu amene mnyamatayo ankatsitsa anali wa makasitomala athu, nthawi inali ya ntchito, msewu unali womwe tinamutuma, ndipo phindu la kufika msanga linali lathu. Tinagwirizana ndi banja lake kunja kwa khoti. Ndikuona kuti chilungamo chinali kumbali yawo, chifukwa mnyamatayo sakanadziwa zimene zinalembedwa mumgwirizano womwe sanauonepo.

Malire ena amene amatikhudza tsiku lililonse ndi a kupatuka panjira. Dalaivala akaima pang'ono kuti adye, kapena akadutsa msewu wotalikirapo pobwerera, kawirikawiri amawerengedwa kuti akadali pantchito. Koma pa mlandu wa Storey ndi Ashton, mu 1869, woyendetsa ngolo atamaliza kupereka katundu anatembenukira kwina kukathandiza mnzake pa zofuna za mnzakeyo, n'kugunda mwana, ndipo khoti linati umenewo unali ulendo watsopano wosakhudza bwana. Palibe mtunda woikika umene umasiyanitsa ziwirizi. Oweruza amayang'ana cholinga cha ulendo, kutalika kwa kupatukako, ndiponso ngati ntchito inali itatha kale.

N'chifukwa chake tinasintha kayendetsedwe ka zinthu m'malo mowonjezera ziletso papepala. Katundu akapitirira zimene munthu mmodzi angatsitse, timatumiza wothandiza wolembedwa ntchito, kuti dalaivala asakhale ndi chifukwa chofunira thandizo m'njira. Ulendo uliwonse umalembedwa m'buku, nthawi yonyamuka, kopita ndi nthawi yobwerera, ndipo makiyi amabwezedwa ku ofesi ntchito ikatha, kotero kuti ngozi ikachitika pali umboni wosonyeza ngati ulendowo unali wathu kapena wake. Tinapemphanso a inshulansi kuti atilembere momveka bwino ngati munthu wokwera popanda chilolezo ali wotetezedwa, chifukwa pangakhale mpata woti khoti likulamulani kulipira pamene inshulansi yanu sikufika pamenepo.