Tsiku limene ndinasambitsa aphunzitsi ku Salamanca

Sabata yachitatu ya maphunziro a Chisipanishi ku Salamanca, mzinda wa ku Spain, aphunzitsi athu, bambo wandevu zaimvi, anati aliyense afotokoze zimene amachita kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ine ndinali nditaloweza mawu usiku wonse, moti ndinakhala kutsogolo, chifuwa chili panja.

Anandiloza n'kufunsa kuti, "¿A qué hora te levantas?", kutanthauza kuti umadzuka nthawi yanji. Khutu langa linagwira kamawu kakuti te, ndipo ndinati kameneka sindikasiya. Ndinayankha mokweza: "Te levanto a las seis." Mtsikana wina wa ku Brazil anagwira pakamwa. Ine ndinayesa wagoma nane, ndiye ndinathira moto: "Te ducho, te visto, y te acuesto a las once."

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Aphunzitsi anavula magalasi, napukuta misozi, n'kundithokoza chifukwa chowasamalira chonchi. Zimene ndinanenazo n'zakuti 6 koloko ndimawadzutsa, kenako ndimawasambitsa, ndimawaveka, ndipo 11 koloko usiku ndimakawagoneka. Munthu wa ndevu zake!

Atapezako mpweya anapita pabolodi. Mneni wake ndi levantarse, ndipo ka se kakumapetoko kamachoka n'kubwera kutsogolo, n'kumasintha malinga ndi mwini nkhani: me levanto ndikamanena za ine, te levantas za iwe, se levanta za iye, nos levantamos za ife. Mapeto a mneni amaonetsa wochita, kamawu kakutsogolo kamaonetsa wochitiridwa. Ine ndinaika -o wa ine pamodzi ndi te wa iwe, basi ntchito yonse n'kugwera pathupi pa aphunzitsi.

Chinandipweteka n'chakuti kwathu zimenezi timazidziwa bwino. Palibe amasokoneza kudzuka ndi kudzutsa, kapena kusamba ndi kusambitsa. Tilinso ndi -dzi- wa mu kudzipesa. Kungoti ife sitinena kuti ndimadzidzutsa, pomwe eni Chisipanishi amatero m'mawa uliwonse. Ngakhale potsuka mano, amati me lavo los dientes, osawonjezera mis wotanthauza anga, poti me uja wanena kale mwini manowo.

Mawa lake ndinabwera nditakonzeka. Me despierto, me ducho, me visto, me acuesto, zonse zinayenda myaa, ngakhale acostarse amene o wake amasanduka ue sanandigwetse. Pomaliza ndinafuna kudandaula kuti ndimatopa tsiku lililonse. Kutopa ndi cansarse, choncho ndimayenera kunena me canso. Lilime linameza n.

"Me caso todos los días."

Casarse ndi kukwatira. Aphunzitsi anawerenga pazala masiku amene ndinali nditakhala mumzindamo, n'kundifunsa mwaulemu ngati akazi 17 onsewo ndimawasambitsanso ndekha.