Mmene ndinalembera vuto ndi zotsatira popempha ndalama za chipatala cha maso choyendayenda

Gawo lofotokoza vuto ndinaliyamba ndi ng'ala, chifukwa ndi imene ikuchititsa khungu anthu ambiri achikulire kuno ku Malawi, chonsecho imachotsedwa ndi opaleshoni yosafika ola limodzi. Za tirakoma sindinalembeko. Bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti matendawa salinso vuto lalikulu m'dziko muno, ndipo opereka thandizo amadziwa zimenezi.

Koma kungonena kuti ng'ala ilipo sikukwanira. Owerenga amafuna adziwe chimene chikulepheretsa agogo a ku Nsanje kukafika ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Apa ndinakhalitsapo. Munthu wosaona sayenda yekha, choncho ndalama yoyendera ndi ya anthu awiri, ndipo woperekezayo amasiya munda wake. Ena amati ndi ukalamba basi, ena amaopa kuti akachotsedwa diso. Chopinga chilichonse ndinachilumikiza ndi ntchito imodzi ya galimoto yathu, monga kupima maso pafupi ndi mudzi kapena kunyamula odwala. Manambala ndinawatenga m'mabuku a ku chipatala cha boma, n'kulemba chaka chake pambali pa nambala iliyonse.

Pa zotsatira ndinayamba ndi kuwerengera maulendo. Miyezi itatu ya dzinja ndinaichotsa poti misewu ya ku Chigwa cha Shire imaduka. Maulendo awiri pamwezi kwa miyezi 9 ndi 18, ndipo tikamaona anthu 100 paulendo timafika 1,800. Nambala imeneyi imaoneka bwino papepala, koma imangosonyeza ntchito yomwe tagwira, osati amene ayambanso kuona.

Galimoto imapima, kupereka mankhwala a m'maso ndi magalasi owerengera, koma opaleshoni imachitikira ku chipatala, ndipo pakati pamenepa ndi pomwe anthu amasowera. N'chifukwa chake ndinalemba kuti tikuyembekeza kutumiza anthu 150, koma ndinalonjeza maopaleshoni 100 okha. Ndisanalembe nambalayi ndinakapempha kalata ku chipatala yotsimikiza kuti dokotala ndi malo zidzapezeka.

Muyeso weniweni ndinauika pa tchati chopimira maso: mwa maso 100 opangidwa opaleshoni, 80 aziona 6/18 kapena kuposa pamenepo pakatha milungu 6; 6/18 ndiko kuona uli pa mamita 6 zimene diso labwino limaona lili pa mamita 18. Kutanthauza kuti wodwala aliyense ayenera kupimidwa asanapite ndiponso atabwerako, ndiye ulendo wokawaonanso ndinaulowetsa m'bajeti, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo okawaitana m'midzi. Ziwerengero za amayi ndi abambo ndinazilekanitsa, chifukwa kawirikawiri amayi ndi amene amatsalira pakhomo ndalama ikachepa, ndipo nambala yophatikiza ikanabisa zimenezo.